Sitandadi yamkati pa kiromatogirafi: musankhe iti, ndipo muithire liti?

Tiyerekeze kuti mwalandira mtedza wosinja woti muyeze ngati uli ndi afulatokisini B1, poizoni uja wochokera ku chuku. Mtedzawo ukupita ku Ulaya, kumene lamulo la EU la nambala 2023/915 limalola 2 µg/kg yokha ya B1 mu mtedza wopita kwa odya, ndi 4 µg/kg mukaphatikiza mitundu yonse inayi ya afulatokisini. Makina anu a LC-MS/MS, opatula mankhwala mu kolamu kenako n'kuyeza kulemera kwa mamolekyu ake, akuonetsa 1.7 µg/kg. Mwalemba kuti mtedza wadutsa. Koma mu mtedzamo muli 3.0 µg/kg, ndipo zikadziwika katundu atafika kale kutsidya kwa nyanja.

Palibe amene walakwitsa masamu. Nambalayo yachepa chifukwa poizoni wina anatayika m'njira asanafike m'kabotolo, wina sanamveke bwino ku makina, ndipo singano inakoka madzi ochepa pang'ono. Sitandadi yamkati ndi mankhwala ena, odziwika kuchuluka kwake, amene timathira mofanana mu sampulo iliyonse ndi mu sitandadi iliyonse yoyezera makina. Kenako sitidaliranso kukula kwa piki, kansonga kamene makina amajambula pa sikirini, ya chinthu tikufunacho payokha, koma timaigawa ndi kukula kwa piki ya sitandadi yamkati. Ngati zonse ziwiri zataya gawo lofanana, yankho la kugawako silisintha.

Mawu akuti "ngati" amenewo ndiwo mwini nkhani. Sitandadi yamkati imakonza zokhazo zimene zachitika iyo italowa kale mu sampulo, komanso zokhazo zimene zaikhudza mofanana ndi chinthu chimene mukuyeza. Njira zonse zimene ndiyerekeze pansipa zimasiyana pa mfundo ziwiri zimenezi basi.

Pamene poizoni akutayikira

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, ndawasankha kuti masamu aoneke bwino, koma kukula kwake ndi kumene munthu angakumane nako pa benchi.

Mwayeza magiramu 5 a mtedza wosinja. Pa 3.0 µg/kg, ndiye kuti muli 15 ng ya B1. Mwathira 20 mL ya asetonayitirayilo wosakaniza ndi madzi, mwagwedeza, mwazunguza pa sentirifyuji. Mwatapa 4 mL, mwadutsitsa mu kakolamu koyeretsera, mwaumitsa ndi mpweya wa nayitirojeni, kenako mwasungunulanso mu 1 mL. Zonse zikanayenda popanda kutaya kanthu, m'kabotolo mukanakhala 3.0 ng/mL. Ndiye pa njira imeneyi 1 ng/mL m'kabotolo ndi chimodzimodzi 1 µg/kg mu mtedza.

Koma mtedza uli ndi mafuta ambiri ndipo sutulutsa poizoni yense: tinene kuti watuluka magawo 90 pa 100. Poyeretsa ndi poumitsa mwatayanso wina, chifukwa afulatokisini amamatirira ku galasi losakonzedwa bwino akakhala m'madzi, amaonongeka ndi kuwala, ndipo wina amatsalira pa kakolamu. Tinene kuti mwatsala magawo pafupifupi 89 pa 100. Kuphatikiza ziwirizi, m'kabotolo mwafika magawo 80 pa 100, kutanthauza 2.4 ng/mL.

Pakhomo pa makina oyeza kulemera kwa mamolekyu pali vuto lachitatu. Zotsalira za mtedza zimene zikutuluka mu kolamu nthawi imodzi ndi B1 zimalimbirana nayo mphamvu ya magetsi m'timadontho timene timapopedwa pakhomopo, ndiye ayoni a B1 amapangika ochepa. Tinene kuti chizindikiro chatsika kufika pa magawo 75 pa 100. Pomaliza, mu sirinji munali kathovu ka mpweya, ndipo m'malo mwa 10 µL yabaya 9.5 µL.

Njira yoyamba: osathira kanthu

Iyi ndi njira ya sitandadi yakunja. Mumabaya masitandadi oyera, kujambula mzere, kenako kuwerenga sampulo pa mzerewo. Ngati makina akupereka piki ya 21,000 pa 1 ng/mL iliyonse, sampulo yathu ipereka izi:

```
2.4 × 0.75 × 0.95 × 21000 = 35910
35910 / 21000 = 1.71
```

Ndi mmene 3.0 yasandukira 1.71. Choopsa n'chakuti pa sikirini palibe chokuchenjezani. Piki ndi yokongola, yatuluka pa nthawi yake, mzere woyezera ndi woongoka.

Komabe sindikufuna muinyoze njirayi, chifukwa ili ndi malo ake enieni. Ngati mukuyeza kuchuluka kwa parasitamo m'mapiritsi pa HPLC ya ditekita ya UV, pamene ntchito ndi kusungunula, kusefa ndi kubaya basi, makina obaya okha amakono amabwereza voliyumu mosasiyana kupitirira 1 pa 100. Pamenepo sitandadi yamkati ingathe kuononga m'malo mokonza, chifukwa mwawonjezera paipeti ina yoti mulakwitsepo, ndi piki yachiwiri yokhala ndi kugwedezeka kwake. Komanso malabu ambiri amayeza afulatokisini pa HPLC ya ditekita ya fuloresensi, atayeretsa sampulo ndi kolamu yokhala ndi maantibode ogwira afulatokisini yekha. Kumeneko vuto la ayoni kulibe, ndipo amagwiritsa ntchito sitandadi yakunja, n'kumathira poizoni wodziwika mu sampulo ina yoyera kuti aone kuti akubwerera wochuluka bwanji. Njira imeneyo imagwira ntchito. Chofooka chake n'chakuti kutayika kwa sampulo imodzi ija mukukutenga ngati kwa masampulo onse a tsikulo. Kabotolo kamodzi kakauma mopitirira kapena kakatayika dontho, simudzadziwa.

Njira yachiwiri: wachibale

Apa mumasankha mankhwala ofanana kapangidwe ndi amene mukuyeza, koma osakhala omwewo. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi kuyeza mowa m'magazi pa GC-FID, makina opatula mankhwala ali nthunzi n'kuwaotcha pa ditekita. Magazi amasakanizidwa ndi madzi okhala ndi n-puropanolo, kabotolo kamatsekedwa ndi kutenthetsedwa, ndipo makina amakoka nthunzi ya pamwamba pa madziwo. Etanolo ndi n-puropanolo onse ndi mowa wa mamolekyu aang'ono, amakwera mu nthunzi mofananako, amayaka mofananako pa ditekita, koma amatuluka mu kolamu nthawi zosiyana. Kutentha kukasintha pang'ono, kapena nthunzi ikakokedwa yochepa, onse awiri amatsika limodzi.

Pa GC ndi pamene wachibale amaonetsa phindu lake lonse. Munthu wobaya 1 µL ndi dzanja sangabwereze ndendende: liwiro la chala, nthawi imene singano yakhala pakhomo lotentha, kabowo kotayira mpweya, zonsezi zimasintha kuchuluka kolowa mu kolamu ndi magawo angapo pa 100. Kugawa mapiki awiri kumachotsa zambiri mwa zimenezi, ndipo botolo limodzi la n-puropanolo ndi lotsika mtengo moti lingakwanire zaka.

Wachibale wabwino ayenera kukwaniritsa zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo kupeza wotere kumadya masiku. Asapezeke mu sampulo mwachilengedwe. Piki yake ipatukane kotheratu ndi mapiki ena onse, koma ikhale pafupi ndi ya chinthu mukuyezacho. Asaonongeke poumitsa kapena potenthetsa. Lamulo loyamba lija limaoneka losavuta mpaka mutakumana ndi magazi a mtembo umene wayamba kuwola: tizilombo tomwe timawoletsa thupi tingathe kupanga n-puropanolo m'magazimo. Piki ya sitandadi yamkati imakula kuposa zimene munathira, ndiye mowa umaoneka wochepa kuposa mmene ulili. N'chifukwa chake malabu ambiri oyeza za imfa amakonda t-byutanolo.

Tibwerere ku mtedza wathu. Tinene kuti mwapeza wachibale amene amatayika mofanana ndi B1 pofinya ndi poyeretsa, ndipo mwamuthira pachiyambi. Kutayika kwa magawo 20 kuja kwakonzedwa, kathovu ka mu sirinji kakonzedwanso. Koma wachibale ameneyu akutuluka mu kolamu mphindi imodzi pambuyo pa B1, pamalo pamene zotsalira za mtedza ndi zochepa, ndiye chizindikiro chake chatsika kufika pa 90 pa 100 pokha pamene cha B1 chili pa 75. Yankho lidzakhala 3.0 × 0.75 / 0.90, kutanthauza 2.5 µg/kg. Mwayandikira, koma sampulo ina ya mtedza wa mtundu wina idzasintha manambala awiriwo mwanjira ina, ndipo simungathe kulosera kuti cholakwikacho chipendekera kuti. Pa LC-MS/MS wachibale amakonza kubaya ndi kutayika, koma pa nkhani ya ayoni amangoyesako.

Njira yachitatu: mapasa

Njira yolimba kwambiri ndi kugwiritsa ntchito molekyu yomweyo, koma yolemetsedwa ndi maayisotopu osaola. Afulatokisini B1 ndi C17H12O6, ndipo pa makina ayoni yake imaoneka pa kulemera kwa m/z 313. Pali mtundu wogulitsidwa umene maatomu onse 17 a kaboni ndi kaboni 13, umalembedwa 13C17, ndipo umaoneka pa m/z 330. Pofinya, poyeretsa, pomatirira ku galasi, podutsa mu kolamu, awiriwa amachita ngati munthu mmodzi. Amatuluka sekondi yomweyo, ndiye chilichonse chopondereza ayoni a mmodzi chimaponderezanso a mnzake. Owasiyanitsa ndi makina oyeza kulemera okha. Pa UV kapena fuloresensi mapasa alibe ntchito: angokhala piki imodzi yaikulu, ndipo mudzakhala mwawonjezera poizoni mu sampulo yanu.

Masamu ake ndi awa. Choyamba mumapeza mmene makina amamvera awiriwa pa masitandadi oyezera:

```
RRF = (A_x / A_is) / (C_x / C_is)
C_x = (A_x / A_is) × C_is / RRF
```

RRF ndi mmene makina amamvera chinthucho poyerekeza ndi sitandadi yamkati, A ndi kukula kwa piki, C ndi kuchuluka, x ndi chinthu mukuyeza, is ndi sitandadi yamkati. Ngati B1 imapereka 21,000 pa 1 ng/mL ndipo mapasa ake 20,000, RRF ndi 1.05.

Tsopano funso limene anthu amalidumpha: muthire liti?

Mukathira pamapeto, 2 ng m'kabotolo ka 1 mL kokonzeka kubayidwa, mapasa akumana ndi kuponderezedwa kwa ayoni ndi kathovu kokha:

```
A_is = 2.0 × 0.75 × 0.95 × 20000 = 28500
(35910 / 28500) × 2.0 / 1.05 = 2.4
```

Yankho ndi 2.4, ndipo ndi loona pa zimene zili m'kabotolo. Si loona pa zimene zili mu mtedza. Sitandadi inafika mochedwa, sinaone zimene zinatayika isanabwere. Ndaonapo anthu akudalira kwambiri yankho lotere pongoti pa lipoti palembedwa kuti anagwiritsa ntchito ayisotopu, ndipo zimandidetsa nkhawa, chifukwa dzina la njirayo likupereka chitsimikizo chimene ntchitoyo sinapereke.

Mukathira pachiyambi, 10 ng pa magiramu 5 a mtedza musanathire chosungunulira, m'kabotolo muyenera kufika 2 ng, koma nayonso itayika magawo 20:

```
A_is = 2.0 × 0.80 × 0.75 × 0.95 × 20000 = 22800
(35910 / 22800) × 2.0 / 1.05 = 3.0
```

Piki ya sitandadi yachepa kwambiri, ndipo kuchepa kumeneko ndiko kwabweza yankho pa 3.0.

Nanga bwanji aliyense sathira pachiyambi? Ndalama. Masitandadi a kaboni 13 a poizoni wa chuku amagulitsidwa m'timabotolo ta pafupifupi mililita imodzi, osungunulidwa kwambiri, pa mtengo wokwera, ndipo kwa labu ya ku Lilongwe kapena ku Lusaka pamawonjezeka kudikira ndalama zakunja ndi kuwasunga ozizira paulendo. Kuthira pachiyambi kwadya 10 ng, pamene pamapeto kwadya 2 ng, ndipo ena amachepetsanso potapa 80 µL ya sampulo yokonzeka n'kusakaniza ndi 20 µL ya sitandadi. Mukayeza magiramu 25 kapena 50 m'malo mwa 5, monga njira zambiri za mtedza zimafunira, kusiyanako kumakula kwambiri.

Pali njira yapakati imene ine ndimaikonda pa ntchito ngati imeneyi. Thirani 2 ng mu 4 mL ija mwatapa, musanayeretse. Mtengo ndi womwe uja wa kuthira pamapeto, koma tsopano kuyeretsa, kuumitsa, ayoni ndi kubaya zonse zakonzedwa. Chotsala ndi kufinya kokha, ndiye yankho ndi 3.0 × 0.90, kutanthauza 2.7. Gawo lotsalalo mumaliyeza padera ndi mtedza wotsimikiziridwa kuchuluka kwa poizoni wake, ndipo kawirikawiri kufinya kumabwerezeka bwino kuposa kuumitsa. Mwaika sitandadi yodula pamene pali chisokonezo chachikulu.

Ngakhale kuthira pachiyambi kuli ndi malire. Sitandadi imene mwadonthezera pamwamba pa mtedza sinalowe m'kati mwa njere ngati poizoni amene chuku chinapanga mtedza uli m'munda kapena m'nkhokwe, ndiye imatuluka mosavuta. Kuisiya ikhale kanthawi kuti chosungunulira chake chiume ndi kulowerera kumathandiza, koma sikuthetsa nkhaniyo kotheratu.

Kaboni 13 kapena dutiriyamu

Masitandadi ambiri a ayisotopu, makamaka a mankhwala a kuchipatala, ndi a dutiriyamu, chifukwa ndi osavuta kupanga ndipo ndi otsikirapo mtengo. Ali ndi misampha iwiri. Pa kolamu ya C18, molekyu yokhala ndi dutiriyamu wambiri imatuluka patsogolo pang'ono pa mnzake. Kusiyanako kungakhale masekondi ochepa, koma ngati pamalopo kuponderezedwa kwa ayoni kukusintha mofulumira, mapasa aja asanduka wachibale. Msampha wachiwiri ndi wakuti dutiriyamu wokhala pa okisijeni kapena pa nayitirojeni, ngakhalenso pa kaboni woyandikana ndi kabonilo, angathe kusinthana ndi hayidirojeni wa m'madzi. Sitandadi imapepuka pang'onopang'ono ili m'botolo, piki yake imachepa, ndipo mayankho angathe kukwera.

Onaninso kusiyana kwa kulemera. Mwachilengedwe pafupifupi 1.1 pa 100 ya kaboni ndi kaboni 13, ndiye molekyu iliyonse ili ndi timapiki ting'onoting'ono pa kulemera kowonjezera 1 ndi 2. Sitandadi yolemera ndi 1 kapena 2 yokha idzalandira chizindikiro kuchokera ku chinthu mukuyezacho, ndipo mzere woyezera udzapindika kumtunda kwake. Kusiyana kwa 3 kapena kuposa ndiko kofunika pa mamolekyu aang'ono, ndipo okhala ndi kulorini kapena buromini amafuna kuposa pamenepo. Kusiyana kwa 17 kwa B1 kulibe vuto limeneli.

Njira yachinayi, mwachidule

Ngati mapasa sapezeka ndipo wachibale wabwino kulibe, mungagawe sampulo panayi, kuthira chinthu chomwe mukuyezacho mochuluka mosiyanasiyana m'magawo atatu, n'kutambasula mzere chambuyo kuti mupeze zimene zinalimo. Njirayi imakonza bwino kuponderezedwa kwa ayoni, koma sampulo iliyonse yasanduka zinayi, ndipo kathovu m'kubaya kumodzi kapendeketsa mzere wonse. Ndi yabwino potsimikizira sampulo imodzi yokayikitsa. Pa masampulo 60 a tsiku limodzi siingatheke.

Mmene mungadziwire kuti zasokonekera

Chizolowezi chimodzi chimaposa zonse: mukamaliza kubaya, jambulani kukula kwa piki ya sitandadi yamkati, yokhayokha, motsata ndondomeko ya kubaya. Mapulogalamu a makina amakupatsani yankho logawa kale, ndiye n'zosavuta kusayang'ana nambala imeneyi.

Ikamatsika pang'onopang'ono pa masampulo ndi masitandadi omwe, pakhomo pa makina pakuda. Ikakhala yotsika pa masampulo okha koma masitandadi ali bwino, ndi zotsalira za mu sampulo kapena kutayika pokonza. Kabotolo kamodzi kakapereka pafupifupi kawiri kuposa anzake, munathira kawiri, ndipo yankho lake latsika ndi theka. Ikamakwera kumapeto kwa usiku wautali, onani zivindikiro: chosungunulira chikuuluka. Malabu ambiri amaika malire, monga theka mpaka kamodzi ndi theka ka kukula kwapakati, ndipo yopyola pamenepo imabwerezedwa. Sitandadi ikatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi, kugawa kungaperekebe nambala yooneka bwino, koma chinthu mukuyezacho nacho chatsika chomwecho, ndipo pafupi ndi malire a 2 µg/kg chingamire m'phokoso.

Musanayambe njira yatsopano, bayani zinthu ziwiri. Sampulo yoyera yokhala ndi sitandadi yamkati yokha ikuonetsani ngati sitandadiyo ili ndi kachigawo kosalemetsedwa kamene kangaoneke ngati poizoni. Sitandadi yapamwamba kwambiri yopanda sitandadi yamkati ikuonetsani ngati chinthu mukuyezacho chikudonthera ku chizindikiro cha mnzake. Malangizo a ICH M10 a chaka cha 2022, olembedwera kuyeza mankhwala m'magazi, amalola chosokoneza chosapitirira 20 pa 100 ya chizindikiro cha sitandadi yotsikitsitsa, ndi chosapitirira 5 pa 100 ya chizindikiro cha sitandadi yamkati. Ngakhale pa chakudya, manambala amenewa ndi poyambira pabwino.

Paipeti yothirira sitandadi yamkati isamalidwe kuposa ina iliyonse mu labu. Cholakwika chake palibe chochikonza: mukathira mopitirira ndi 5 pa 100, yankho litsika ndi pafupifupi 5 pa 100, ndipo kugawa mapiki sikungaone kanthu. Gwiritsani ntchito paipeti imodzi ndi botolo limodzi la sitandadi pa masampulo ndi pa masitandadi oyezera omwe, ndipo thirani voliyumu yogwirika ngati 50 kapena 100 µL, osati 5.

Ndiye ine ndingasankhe chonchi. Pa HPLC ya UV yongosungunula ndi kubaya, sitandadi yakunja. Pa GC ya FID, wachibale wothiridwa pachiyambi, nthawi zonse. Pa LC-MS/MS ya magazi, mkodzo kapena chakudya, mapasa, a kaboni 13 ngati alipo, othiridwa msanga monga thumba lingalolere, ndipo pa lipoti palembedwe sitepe yeniyeni imene anathiridwa.

Pa mtedza pali chinthu china chimene sitandadi iliyonse siingafikepo. Afulatokisini sagawanika mofanana m'thumba: njere zochepa zowola zingasenze pafupifupi poizoni yense wa thumba lonse. Mukatapa dzanja limodzi pamwamba n'kuliyeza ndi mapasa a kaboni 13 othiridwa pachiyambi, mupeza yankho lolondola kwambiri la dzanja limenelo. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya amafuna kuti pa katundu wambiri mutape m'malo okwana 100, zonse pamodzi zifike makilogiramu 20, zisinjidwe ndi kusakanizidwa bwino musanayeze magiramu oti mufinye.